Ndudu ya m'sitima imene inafika ku khoti lalikulu la ku Britain

Mu Novembala 1994, a Peter Boddington anayatsa ndudu m'sitima yochokera ku London kupita ku Brighton. Oyendetsa sitimazo anali ataletsa kusuta m'mabogi onse kuyambira mu 1993. Nkhani itafika kwa majisitireti, bambowa anawalipiritsa mapaundi 10.

Zoti anasuta sanakane. Mfundo yawo inali yakuti lamulo la mu 1962 linapatsa akuluakulu a njanji mphamvu yokonza dongosolo m'sitima, osati yoletseratu fodya paliponse, choncho chiletsocho chinali chopanda maziko. Koma kodi munthu anganene zimenezi ali kale m'kabokosi ka woimbidwa mlandu, kapena ayenera kukasuma payekha ku khoti lalikulu kuti liunike chigamulocho?

Azamalamulo amasiyanitsa zigamulo zolakwika za akuluakulu a boma pawiri. China ndi chakufa chibadwire: wochipangayo analibe mphamvu, ndiye pamaso pa lamulo chili ngati sichinachitike. China chili ndi chilema, koma chimagwira ntchito mpaka khoti litachithetsa. Chiletso chikakhala cha mtundu woyambawu, wochiphwanya sanalakwe kanthu. Chikakhala cha mtundu wachiwiri, mlandu ali nawo ndithu. Chovuta n'chakuti pepala la boma silibwera ndi chidindo chonena kuti ndi lakufa. Limaoneka bwinobwino, anthu amalitsatira, ndipo ku England nthawi yokapempha khoti kuti liunike chigamulo nthawi zambiri sipitirira miyezi itatu.

Mu 1998 oweruza a ku House of Lords anati a Boddington anali ndi ufulu wotsutsa chiletsocho podziteteza pa mlandu wawo. Anakananso kusiyanitsa pakati pa chigamulo cholakwika pa zimene chikunena ndi cholakwika pa njira imene chinapangidwira: zonsezo n'kupyola malire a mphamvu. Ine ndikuona kuti analondola. Wokwera sitima sakanathamangira ku khoti mu 1993 kukatsutsa chikwangwani chimene mwina anali asanachione n'komwe. Koma udindo woonetsa kuti chiletso n'chosavomerezeka uli pa woimbidwa mlanduyo.

Khomo limeneli silitsegukira aliyense. Mu 1997, pa mlandu wa a Wicks, amene ananyozera chikalata cha khonsolo chokhudza nyumba yomwe ankamanga, khoti lomwelo linakana chitetezo chotere. Chikalatacho chinalembedwera iwo mwachindunji, ndipo lamulo la zomangamanga linali ndi njira yakeyake yochitira apilo. Choncho ofuna kudziwa ngati angatsutse chigamulo pa mlandu wina ayambe awerenga lamulo limene chachokera: kodi chinapita kwa anthu onse kapena kwa munthu mmodzi, nanga njira yodandaulira inalipo?

A Boddington anapambana pa ufulu wotsutsa, koma mlandu unawagwabe. Oweruza anapeza kuti mphamvu yokonza dongosolo m'sitima inkakwanira kuletsa fodya m'mabogi onse.