Mitundu iwiri pa kagalasi: mmene utoto umaululira mabakiteriya

Tiyerekeze kuti mwana wa zaka zitatu wafika kuchipatala usiku, thupi lili moto, khosi lauma gwa, akulira mosatonthozeka. Amuyeza malungo koma sanapezeke. Dokotala akuganizira matenda oumitsa khosi, ndipo watenga madzi a mumsana ndi jakisoni. Madziwa amayenera kukhala oyera mbee ngati a pa mjigo, koma awa atuluka otuwa ngati otsukira mpunga. Kutuwa kumeneko kukusonyeza kuti mkatimo muli nkhondo, koma sikukunena kuti mdani wake ndi ndani.

Njira yotsimikiza ndi kudzala madziwo m'mbale za chakudya cha tizilombo n'kudikira kuti timere. Zimenezi zimatenga tsiku limodzi kapena awiri, ndipo matendawa sadikira. N'chifukwa chake wa mu labotale amayamba ndi mabotolo anayi amene amakhala pafupi ndi sinki, aja amadetsa zala ndi zovala zantchito. Kupaka utoto kwenikweniko sikukwana ngakhale mphindi 10, koma kumagawa mabakiteriya m'magulu awiri akuluakulu.

Mwini njirayi ndi Hans Christian Gram, dokotala wa ku Denmark, amene anaifalitsa mu 1884 akugwira ntchito ku Berlin limodzi ndi Carl Friedländer. Iye sankafuna kugawa mabakiteriya ayi. Ankayang'ana mapapo a anthu omwalira ndi chibayo, ndipo vuto lake linali loti tizilombo sitinkaoneka bwino pakati pa mnofu. Atapaka utoto wa pepo, n'kuthira ayodini, kenako n'kutsuka ndi mowa wa mu labotale, anaona kuti mabakiteriya ena augwira utotowo pomwe ena autaya. Chifukwa chake chinadzadziwika patapita zaka zambiri. Mpaka lero ogwira utoto amatchedwa Giramu pozitivi, outaya Giramu negativi. Mawu awiriwa asokoneza anthu ambiri, chifukwa tinazolowera kuti “negativi” ndi nkhani yabwino. Pano si choncho. Giramu negativi sakutanthauza kuti mulibe kachilombo. Akutanthauza kuti kalimo, koma khoma lake ndi lopyapyala.

Tibwerere kwa mwana uja. Wa mu labotale amazunguza madziwo pa makina kuti zonse zili m'menemo zidikhe pansi, n'kutengako kadontho ka zodikhazo ndi kukapaka mopyapyala pa kagalasi. Amakasiya kuti kaume kokha ndi mpweya, kenako amakadutsitsa pa lawi kawiri kapena katatu kuti tizilomboto timatirire. Kagalasiko kangofunda basi, kasaotche dzanja, chifukwa tizilombo topserera timasintha maonekedwe.

Botolo loyamba ndi la utoto wa pepo wotchedwa kirisito vayoleti. Amaudzaza pa kagalasi kwa mphindi imodzi, n'kutsukuluza ndi madzi. Pamenepa chilichonse chasanduka pepo, palibe kusiyana. Lachiwiri ndi la ayodini, mphindi imodzinso. Ayodini akalowa m'kachilombo amalumikizana ndi utoto uja n'kupanga timibulu tikuluko, tosatuluka mosavuta ngati mmene utoto unalowera. Lachitatu ndi la mankhwala osulutsa, omwe ndi mowa kapena asitoni, kapenanso zonse ziwiri zosakaniza. Lachinayi ndi la utoto wofiira, safaranini, umene umakhala theka la mphindi kapena mphindi yathunthu.

Nkhani yonse yagona pa botolo lachitatulo, ndipo kuti timvetse tiyenera kuona mmene kachilombo kanamangidwira. Bakiteriya amakhala m'khoma lolukidwa ngati ukonde, lopangidwa ndi chinthu chotchedwa peputidogilaikani. Mwa ena ukondewo ndi wosanjikizana kambirimbiri, wochindikala mananomita 20 mpaka 80. Mwa ena ndi wopyapyala, wosafika 10, koma kunja kwake kuli chikuto china chamafutamafuta. Nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita, choncho palibe amene amaona kuchindikalako ndi maikulosikopu wamba. Chimene timaona ndi zotsatira zake. Mowa ukagwera pa khoma lochindikala umalichotsa madzi, ndipo limakhwinyata monga chimachitira chikumba cha mbuzi padzuwa. Mipata imatsekeka, timibulu ta pepo n'kutsekeredwa mkati. Ukagwera pa kachilombo kena kaja umasungunula chikuto chamafuta, ndipo kaukonde kotsalako sikangagwire kanthu. Pepo yense amakokoloka, kachilomboko n'kutsala kosaoneka, kufikira utoto wofiira utakapatsa mtundu wa pinki. Wofiirayo amalowanso mwa ochindikala aja, koma pepo ndi wakuda kwambiri moti amamuphimba.

Khoma lochindikala silisunga utoto mpaka kalekale. Limangochedwa kuutaya. Ndiye kuyezaku ndi mpikisano wa masekondi: asitoni weniweni amafuna masekondi awiri kapena atatu, mowa 10 mpaka 30, ndipo munthu amayang'anitsitsa kuti madzi otsika pa kagalasi akangosiya kutuluka a pepo, atsukuluze nthawi yomweyo. Foni ikalira m'thumba, iye n'kucheuka, zonse zimatuluka pinki ngakhale zimene zinayenera kukhala pepo. Akafulumira kwambiri, kapena akapaka mochindikala ngati akuzira nyumba, mowa sufika pansi ndipo zonse zimatsala pepo. Ine ndimaona kuti apa m'pamene pamasiyanira wodziwa ntchito ndi wongoloweza ndondomeko.

Mwamwayi, kagalasi kamadziulula kokha. M'madzi otuwa ngati a mwana uja mumakhala maselo oyera a magazi, aja amapanga mafinya, ndipo iwo ayenera kuoneka apinki. Akaoneka a pepo ndiye kuti kusulutsa sikunakwane, ntchito ibwerezedwe. Malabotale osamala amapakanso pambali mabakiteriya awiri odziwika kale, Staphylococcus aureus amene ayenera kutuluka pepo ndi Escherichia coli amene ayenera kutuluka pinki. Awiriwa akaphonya mtundu, vuto lili m'mabotolo kapena m'manja, osati mwa wodwala. Ayodini wokhalitsa amasuluka mtundu ndi mphamvu yomwe, ndipo utoto wa pepo wosasefa umasiya timiyala tonyenga ngati tizilombo.

Kagalasi kauma. Amadonthezerapo mafuta apadera, n'kuyang'ana pa maikulosikopu mokuza ka 1,000. Wodziwa samangoona mtundu wokha. Amaonanso kaumbidwe ndi kakhalidwe, kaya n'tozungulira kapena totalika ngati timitengo, kaya tili tiwiritiwiri, mu mzere ngati mikanda, kapena mowunjikana. Pa matenda oumitsa khosi a mwana wa msinkhu uwu, anthu a mu labotale amayembekezera nkhope zitatu. Timipira ta pepo tokhala tiwiritiwiri, tosongoka pang'ono kunsonga, ndi nkhope ya nyumokokasi, amene pa pepala la zotsatira amalembedwa Streptococcus pneumoniae. Timipira tapinki tokhalanso tiwiritiwiri, toyang'anizana ngati mbali ziwiri za nyemba, kawirikawiri tili mkati mwa maselo a mafinya, ndi meningokokasi, Neisseria meningitidis. Timitengo tapinki tating'ono kwambiri, tosalingana kutalika, ndi Haemophilus influenzae. Wachitatuyu anachepa kwambiri ku Malawi katemera wake atayamba kuperekedwa mu 2002, ndipo katemera wa nyumokokasi analowa m'ndondomeko ya ana mu 2011.

Onani mmene oyamba awiriwo amafananira. Onse n'tozungulira, onse n'tiwiritiwiri, ndipo chachikulu chowasiyanitsa ndi mtundu, umene umadalira masekondi aja a pa sinki. Tinene kuti kagalasi ka mwana wathu kaonetsa timipira tapinki mkati mwa maselo a mafinya. Mankhwala a mwanayo mwina sasintha, popeza dokotala anayamba kale kumubaya sefitirayakisoni kapena wina wotha kulimbana ndi atatu onsewa, osadikira labotale. Chimene chasintha ndi kunyumba. Meningokokasi amafala kudzera m'malovu ndi chimfine pakati pa ogona chipinda chimodzi, ndipo amatha kubuka m'masukulu ogonera komweko ndi m'malo ena othithikana. Choncho abale ake a mwanayo amapatsidwa mankhwala oteteza, ndipo a zaumoyo amadziwitsidwa. Kagalasi kakanatuluka pepo, zonsezi sizikanafunika, chifukwa pa nyumokokasi a m'banja sapatsidwa mankhwala otere.

Pa matenda ena mtunduwu umasinthanso mankhwala enieniwo. Chikuto chakunja cha Giramu negativi ndi mpanda umene mankhwala ena sangaudutse. Vankomayisini, mwachitsanzo, ndi wamkulu kwambiri moti salowa, ndipo kumupereka kwa munthu amene magazi ake atulutsa timitengo tapinki n'kutaya nthawi. Koma tisaukweze mtengo utotowu. Sutchula dzina la kachilombo motsimikiza, ndipo sunena ngati kachilomboko kanapima kale ku mankhwala. Zimenezo zimadikirabe mbale zija.

Palinso tizilombo timene njirayi siitha. Kachilombo ka chifuwa chachikulu kali ndi khoma laphula limene utotowu sulowa bwino, n'chifukwa chake makhololo amayezedwa ndi utoto wina kapena ndi makina. Mavairasi saoneka n'komwe. Kwa akuluakulu amene chitetezo chawo chatsika ndi kachilombo koyambitsa Edzi, khosi limauma kawirikawiri chifukwa cha fangasi wotchedwa kiriputokokasi, amene ali ndi kayezedwe kake.

Ndiye pali pepala lija lolembedwa kuti palibe kachilombo kaoneka. Makolo amapuma, koma dokotala wanzeru sapuma. Kuti tizilombo tipezeke pa kagalasi timafunika kukhala tambiri, masauzande ambiri m'mililita imodzi ya madziwo, ndipo tikachepa diso limatha kutiphonya. Chimene chimatichepetsa kawirikawiri ndi makapisozi amene mwana anamwetsedwa kunyumba, aja otsala pa matenda a wina kapena ogula pa golosale. Satha matenda oumitsa khosi, koma amachepetsa tizilombo ndi kugumula makoma awo. Wa khoma lochindikala akagumuka amataya pepo n'kuoneka wapinki, monganso amachitira mabakiteriya okalamba a m'mbale yokhalitsa. Madzi ochedwa kufika ku labotale nawo amataya umboni, chifukwa meningokokasi ndi nyumokokasi safuna kukhalitsa kunja kwa thupi.

Inu amene mudzanyamule mwana wouma khosi, musazengereze panyumba, ndipo mukafika muuzeni dokotala mankhwala onse amene mwanayo wamwa, ndi tsiku limene anayamba. Ngati paketi yake ilipo, itengeni. Sadzakudzudzulani kwambiri ngati mmene mukuopera, ndipo woyang'ana pa maikulosikopu adzadziwa kuti kagalasi kopanda kanthu asakakhulupirire.