Chaka chatha: khutu limamva zimene cholembera sichilemba

Nenani mokweza mawu awiri awa: "chaka chatha." Ngati mukutanthauza kuti chaka chafika kumapeto, liwu lanu limakhala pansi pa "cha-" wa mneni. Koma mukati "tinakolola bwino chaka chatha," liwu limakwera pa "cha-" yemweyo, ndipo tanthauzo lake ndi "chaka chimene chatha." Zilembo n'zomwezo, chasintha ndi kamvekedwe basi.

Apa ndiye pagona nkhani ya nthambi ya chiganizo yofotokoza dzina, ija imayamba ndi "amene," "chimene" kapena "zomwe." Mneni wa m'nthambi yotere amakhala ndi kamvekedwe kakekake: nthawi zambiri liwu limakwera pa phatikizo loyamba. Sam Mchombo anafotokoza zimenezi m'buku lake la kapangidwe ka ziganizo za Chichewa la mu 2004. Vuto n'lakuti kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa liwu. Choncho pofuna kudziwa ngati mneni ali bwino, kuyang'ana kokha sikukwanira. Chiganizocho chiwerengedwe mokweza.

Zimene maso angathe kugwira ndi mgwirizano wa mawu. Titenge chiganizo ichi: "Chingwe chimene mbuzi inadula chatayika." Muli mayina awiri, ndipo lililonse lili ndi mawu ake olitsatira. "Chimene" akuloza chingwe, poti ndicho chikufotokozedwa. "Inadula" akutsata mbuzi, poti ndiyo inachita ntchitoyo. Kenako "chatayika" akubwerera ku chingwe. Wolemba wothamanga amakokedwa ndi "chi-" woyambirira uja n'kulemba "chimene mbuzi chinadula," kapena amaiwala chingwe n'kumaliza ndi "yatayika." Cholakwa chachiwirichi n'choopsa, chifukwa chiganizo chimamveka bwinobwino, koma mwini mbuzi ayamba kufunafuna chiweto chimene chili m'khola.

Njira yoyesera ndi yapafupi. Phimbani nthambiyo ndi chala, muwerenge zotsala: "Chingwe chatayika." Zikamveka, ndiye kuti mneni wamkulu ali m'malo. Kenako iwerengeni nthambiyo payokha, mutabwezeramo dzina lija: "Mbuzi inadula chingwe."

Palinso kamchira kamene timakonda kumata kumapeto: "chingwe chimene mbuzi inadulacho." Ka "-cho" aka kamatsata chingwe, osati mbuzi, ngakhale kamamatira pa mneni wa mbuzi. Mukalemba "inadulayo," mwakapereka kwa dzina lolakwika.

Polankhula timasiya "-mene" osazindikira n'komwe: "nyumba ndinagulayo ikudontha." Palibe amasokonezeka, chifukwa liwu lokwera pa "ndi-" ndi kamchira ka "-yo" zagwira ntchito yonse. Papepala liwulo kulibe, kwatsala kamchira kokha. Ine ndikaona kuti nakonso kulibe, ndimabwezerapo "imene," ngakhale ena amati zimatalikitsa chiganizo.