Bakiteriya amangogawika pakati, selo ya anyezi imayamba yafoletsa mzere

Nyemba zimene zatsala madzulo m'mwezi wa Okutobala, zikagona mumphika osafunditsidwa, mmawa zimapezeka zitasasa, thovu lili pamwamba. Palibe amene anathiramo kanthu usiku. Mabakiteriya ochepa amene analowa ndi chipande kapena ndi dzanja ndiwo achulukana, ndipo amachulukana mwa njira yachidule: mmodzi amatalika, n'kuduka pakati, n'kukhala awiri. M'mabuku a bayoloje njirayi imatchedwa bainale fishoni. Funso loiyerekeza ndi maitosisi, njira imene maselo a anthu, nyama ndi zomera amagawikira, ndi lija lokhala ndi mizere inayi kapena isanu yoyankhapo, ndipo wophunzira wa Folomu 4 akhoza kutayirapo malikisi ngakhale zonse ziwiri akuzidziwa.

Bakiteriya wodziwika kwambiri m'malabotale, E. coli, amene amakhalanso m'matumbo mwa anthu, amagawika pa mphindi 20 zilizonse akapeza chakudya chokwanira ndi kutentha kofanana ndi kwa thupi la munthu. Pa ola limodzi mmodzi amasanduka 8. Pakatha maola 6 wagawika maulendo 18, ndipo chiwerengero chafika 262,144. Ola limodzi lina, chadutsa mamiliyoni awiri. Mumphika weniweni liwiro silifika pamenepa chifukwa chakudya chimachepa ndipo zinyalala zawo zomwe zimawabweza m'mbuyo, koma zimakwanira kuwononga ndiwo.

Chimene chimalola liwiro lotere ndi kuchepa kwa katundu wogawana. Bakiteriya alibe nyukiliyasi, kachipinda kosungira DNA. Ambiri mwa iwo ali ndi kolomozomu imodzi yokha, yozungulira ngati chibangili, imene imangokhala poyera mkati mwa selo. Kukopera kumayambira pamalo amodzi a chibangilicho n'kumayenda mbali zonse ziwiri mpaka kukakumana kuseri. Kukoperako kusanathe n'komwe, mbali zimene zakopedwa kale zimakhala zikupita uku ndi uku, selo nayo ikutalika. Kenaka puloteni yotchedwa FtsZ imasonkhana pakati penipeni ngati lamba, khoma latsopano limamangidwa kuchokera m'mbali kulowa mkati, ndipo selo imaduka. Kukopera ndi kulekanitsa kumachitika nthawi imodzi, ndipo mfundo imeneyi payokha ndi malikisi.

Selo ya munthu ili ndi vuto lina. Ili ndi makolomozomu 46, otalika ngati ulusi, otsekeredwa m'nyukiliyasi. Iliyonse ikakopedwa, timaulusi timakhala 92, ndipo selo yatsopano iliyonse iyenera kulandira kope limodzi la kolomozomu iliyonse, osachuluka, osaperewera. Mayi wogawa mango awiri kwa ana awiri saŵerenga n'komwe. Koma akamagawira ana aakazi awiri mbewu za mitundu 46, mtundu uliwonse timapepala tiwiri, amayamba wayala zonse pamphasa, tiwiritiwiri, kuti wina asatenge mawere kawiri n'kusowa mtedza. Maitosisi ndi kuyala pamphasa kumeneko.

Dzinali linachokera kwa Walther Flemming, wasayansi wa ku Germany, mu 1882. Iye ankayang'ana maselo a kanyama kooneka ngati buluzi kotchedwa salamanda, n'kuona timaulusi tikusuntha, choncho anatenga mawu a Chigiriki otanthauza ulusi.

Sukulu yokhala ndi maikulosikopu ikhoza kuona zomwezo ndi anyezi wa pamsika. Anyezi amakhazikidwa pakamwa pa botolo la madzi kwa masiku angapo mpaka mizu yoyera itatuluka. Kansonga ka muzu, mamilimita awiri kapena atatu, kamadulidwa, kufewetsedwa ndi asidi, kupakidwa utoto, kenaka kuphwanyidwa pang'onopang'ono pagalasi. Maselo ambiri amaoneka ali phee, nyukiliyasi ili yathunthu. Amenewa ali pa intafezi, nthawi yaitali yokula ndi kukopera DNA. Apa ndi apo pamapezeka selo imene makolomozomu ake, omwe mu anyezi alipo 16, afupika n'kunenepa, khungu la nyukiliyasi likusungunuka: imeneyo ndi pulofezi. Ina yafoletsa makolomozomu pamzere pakati, atagwidwa ndi timitsitsi ta sipindo kuchokera kumapeto onse awiri, ndiyo metafezi. Pa anafezi makope aja amang'ambika n'kukokedwa uku ndi uku, ndipo pa telofezi manyukiliyasi awiri amapangika. Selo ya munthu yoleredwa m'labotale imatenga maola ngati 24 kuti izungulire ulendo wonse, ndipo maitosisi yeniyeniyo imatengapo ola limodzi lokha. Selo imakhala ndi njira yoimitsira anafezi mpaka kolomozomu iliyonse itagwidwa bwino ndi sipindo. Pamene kugawana kwasokonekera, maselo amatuluka ndi makolomozomu ochuluka kapena operewera, zimene zimaoneka kawirikawiri m'maselo a khansa.

Tsono funso likati fananitsani njira ziwirizi, malikisi anayi, yankho lodzaza likhoza kuyenda chonchi. Bainale fishoni imachitika m'maselo opanda nyukiliyasi pamene maitosisi imachitika m'maselo okhala ndi nyukiliyasi. Bakiteriya amagawa kolomozomu imodzi yozungulira pamene maitosisi imagawa makolomozomu angapo otalika. Mu bainale fishoni mulibe sipindo pamene mu maitosisi sipindo ndiyo imakoka makolomozomu. Bakiteriya amakopera DNA uku akuilekanitsa pamene selo yokhala ndi nyukiliyasi imamaliza kukopera pa intafezi maitosisi isanayambe. Ngati funsolo likufunanso kufanana, chiganizo chimodzi chikwanira: njira zonse ziwiri zimakopera DNA ndipo zimatulutsa maselo awiri ofanana ndi kholo pa chibadwa. Pa MSCE zilembedwa m'Chingerezi, koma kamangidwe kake n'komweko: chiganizo chilichonse chigwire mbali zonse ziwiri pa nkhani imodzi. Wolemba ndime yonse ya bakiteriya, kenaka ndime ina ya maitosisi, wasiyira wochonga ntchito yofananitsa, ndipo wochongayo ali ndi mulu wa mapepala.

Mfundo ya liwiro ndiyo ambiri amathamangira, koma ndi yofooka ikalembedwa ngati lamulo. Bakiteriya woyambitsa chifuwa chachikulu amagawikanso pakati ngati E. coli, komabe amatenga maola 15 mpaka 20 ulendo umodzi, n'chifukwa chake kumeretsa makhololo m'labotale kumadikiritsa masabata. Kumbali inayo, maselo a dzira la chule kapena la ntchentche likangoyamba kukula amachita maitosisi m'mphindi zowerengeka. Wofuna kulemba za liwiro awonjezere mawu akuti “kawirikawiri”.

Msampha wina ndi wolemba kuti maitosisi ndi kugawika kwa selo. Kunena molondola, ndi kugawika kwa nyukiliyasi. Kuduka kwa selo yonse kumabwera pambuyo ndipo kuli ndi dzina lake, saitokinesisi: selo ya nyama imafinyika m'chiuno, ya chomera imamanga khoma latsopano kuyambira pakati kupita m'mbali. Nanga amiba, amene mabuku amati amachulukana ndi bainale fishoni? Amiba ali ndi nyukiliyasi, choncho nyukiliyasi yake imayamba yachita maitosisi, kenaka thupi n'kugawika pawiri. Wophunzira amene wapereka amiba ngati chitsanzo cha kugawika kopanda maitosisi walakwitsa, ndipo pa funso lotchula mabakiteriya chitsanzo chosakayikitsa ndi E. coli.