Ntchito Zitatu, Luso Limodzi

Bwana wolemba anthu ntchito akatsegula chikalata cha mbiri ya munthu n'kupezamo ntchito zitatu zogwiridwa m'chaka chimodzi, amayamba kukayika. Kodi ameneyu ndi wosakhazikika, kapena amangotola maganyu? Yankho liyenera kupezeka m'mizere itatu kapena inayi ya pamwamba pa chikalatacho, pamene munthu amadzifotokoza mwachidule.

Kagwiridwe ka ntchito kotere kanatchuka ndi Charles Handy, katswiri wa kayendetsedwe ka makampani wobadwira ku Ireland. M'buku lake la mu 1989, The Age of Unreason, iye ananeneratu kuti anthu ambiri adzasiya kudalira bwana mmodzi, n'kumagawa sabata yawo pa ntchito zingapo.

Tiyerekeze mayi wina wa ku Lilongwe. Masiku atatu pa sabata amalemba mabuku a ndalama pa sitolo ya zipangizo zomangira. Madzulo awiri amaphunzitsa zowerengera ndalama pa sukulu yoyima payokha, ndipo Loweruka amathandiza magulu a banki m'khonde kusunga bwino kaundula wa ngongole. Akalemba kuti ndi “kalaliki, mphunzitsi komanso mlangizi wa magulu”, wowerenga amaona anthu atatu, osadziwa kuti aitane uti.

Chofunika n'kusiya kaye mayina a maudindo n'kufunsa kuti: vuto limene anthu onsewa amamuitanira ndi liti? Mwini sitolo, ophunzira ndi mamembala a gulu onse amafuna kudziwa kumene ndalama yalowera ndi kumene yatulukira. Choncho mayiyu angalembe motere:

“Wodziwa kusunga mabuku a ndalama za mabizinesi ang'onoang'ono ndi magulu a m'madera, kwa zaka 6. Ndimayendetsa mabuku a sitolo, ndimaphunzitsa luso lomweli m'kalasi, ndipo ndathandiza magulu 12 a banki m'khonde kukonza kaundula wawo.”

Chiganizo choyamba chatchula luso ndi amene amapindula nalo. Chachiwiri chasandutsa ntchito zitatu zija kukhala umboni. M'munsimu, pa ntchito iliyonse alembepo chaka chimene anayamba ndi masiku amene amagwira pa sabata, chifukwa zaka zikamafanana popanda kufotokoza, ena amaganiza kuti pali bodza.

Nanga ngati mayiyu amaphikanso makeke ogulitsa? Pofunsira ntchito ya zandalama, makekewo asalowe m'mizere ya pamwamba. Ena pofuna kukwanitsa zonse amalemba kuti ndi “munthu wakhama wodziwa zambiri”, mawu amene angalembedwe ndi dalaivala kapena namwino yemwe. Poyesa ngati chidulecho chagwira, munthu amapatsa mnzake wosadziwa ntchito zake kuti awerenge kamodzi, kenako anene ntchito imene angamulembe. Mnzakeyo akatchula ziwiri kapena akayamba kudodoma, chiganizo choyamba chiyenera kulembedwanso.