Lipoti likamati "kusasamala", funsani kasanu

Malipoti ambiri ofotokoza ngozi kapena vuto la pantchito amayamba bwino. Amatchula tsiku, nthawi, malo, katundu yemwe adawonongeka ndi ndalama zomwe zidalowa m'madzi. Koma akafika pa gawo lonena za gwero la vutolo, mpweya umawathera. Pamangokhala mzere umodzi wakuti zonsezi zidachitika chifukwa cha kusasamala kwa wantchito. M'munsi mwake n'kuwonjezera kuti mwiniwakeyo walandira kalata yomuchenjeza ndipo anzake akumbutsidwa kuti azisamala. Bwana amasayina, fayilo n'kutsekedwa, koma pakangopita miyezi yochepa vuto lomwe lija limatulukiranso, ulendo uno m'manja mwa munthu wina.

Gawo loyamba la lipoti limanena zomwe zidachitika, motsatira ndondomeko ya nthawi. Gawo la gwero limayenda chobwerera m'mbuyo: limayambira pa chowonongekacho n'kumalondola chomwe chidabala chinzake mpaka litafika pa chinthu chomwe, chitakonzedwa, vutolo silingabwerenso. Njira yodziwika kwambiri yolondolera motere ndiyo kufunsa kuti "chifukwa chiyani?" kasanu, funso lililonse likuchokera pa yankho lomwe langoperekedwa kumene.

Njirayi idakulira ku kampani ya magalimoto ya Toyota ku Japan. Ambiri amati adayiyambitsa ndi Sakichi Toyoda, koma yemwe adayitchukitsa ndi Taiichi Ohno, m'buku lake la m'chaka cha 1978 lofotokoza kagwiridwe ka ntchito m'mafakitale a kampaniyo. Chitsanzo chake chidali cha makina omwe adangoyima mwadzidzidzi. Adayima chifukwa fyuzi idapsa, makinawo atalemedwa kuposa muyeso. Adalemedwa chifukwa beringi simalandira oyilo wokwanira. Oyilo amaperewera chifukwa pampu yake simapopa mokwanira. Pampuyo idafowoka chifukwa shafuti yake idali itadyeka ndipo imagwedera. Nanga chidadya shafutiyo n'chiyani? Tizidutswa ta zitsulo timalowa limodzi ndi oyilo, poti pampuyo idalibe sefa.

Taonani kusiyana kwa munthu woyima pa funso loyamba ndi wofika pa lachisanu. Woyambayo agula fyuzi ina, makina alira, aliyense asangalala, koma fyuziyo ipsanso. Woyima pa funso lachinayi asintha shafuti kapena pampu yonse, ndalama zambiri ndithu, koma tizidutswa tija tidyanso yatsopanoyo. Wofika pamapeto ayika sefa. Ndipo m'mayankho onse asanu mulibe dzina la munthu ngakhale mmodzi. Muli zinthu zomwe makaniko akhoza kumasula, kuziyang'ana ndi kuzigwira ndi manja.

Vuto la makina lili ndi ubwino wakuti chitsulo sichidziteteza. Kumene kuli anthu, ndalama ndi makiyi, kufunsaku kumalimba. Tiyerekeze chipatala chaching'ono chakumudzi, mwezi wa Okutobala. Katemera amayenera kusungidwa mufiriji pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo kuzizira kwake kumawerengedwa kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo, n'kulembedwa patchati. Lolemba m'mawa mlangizi wa zaumoyo apeza firiji ili zii, choyezera chikuwonetsa madigiri 22. Atulutsa timabotolo n'kuyang'ana kachizindikiro ka pa chikalata chake: kabokosi kowala kali mkati mwa kabwalo kakuderako. Kabokosika kamanka kada katemera akamakumana ndi kutentha, ndipo kakangofanana mtundu ndi kabwaloko, botololo ndi lotaya. Timabotolo tina ta katemera wa poliyo wodonthezera m'kamwa, yemwe sapirira kutentha, tidali titayamba kale kuda, ndipo tsopano tafika potayidwa. Amayi omwe abwera ndi ana kusikelo abwezedwa. Zonsezi ndi za gawo loyamba la lipoti, ndipo zilembedwe popanda mawu oweruza.

Tsopano funso loyamba: chifukwa chiyani firiji idatentha? Idakhala yopanda magetsi kuyambira Lachisanu usiku. Wolemba lipoti asangomva ndi makutu. Mlonda akuti mababu adazima cha m'ma 9 koloko, pomwe nyumba zoyandikana nazo zidali zowala, kutanthauza kuti sikudali kuzima kwa dera lonse. Chifukwa chiyani magetsi adazima pachipatala pokha? Mayunitsi adatha, mita ikuwonetsa ziro, ndipo risiti yomaliza yogulira mayunitsi ndi ya mwezi wathawo. Chifukwa chiyani ena sadagulidwe nthawi ikadalipo? Kalata yopempha ndalama idalembedwa Lachitatu, pomwe ndalama zotere zimatenga pafupifupi masabata awiri kuti zituluke. Chifukwa chiyani idalembedwa mochedwa chonchi? Palibe adadziwa kuti mayunitsi atsala pang'ono, chifukwa mita ili m'chipinda chosungira katundu chomwe chimakhala chokiya, ndipo kalaliki adangoyiwona mwamwayi atalowa kukatenga zina.

Apa ndi pomwe anthu ambiri amaterereka. Yankho losavuta n'lakuti kalaliki ndi waulesi. Koma funso lachisanu silifunsa kuti ndani, likufunsabe kuti chifukwa chiyani mita simawerengedwa. Mukatsegula ndandanda ya ntchito za pachipatalapo mupeza kuti palibe pomwe padalembedwa kuti wakutiwakuti aziwerenga mita tsiku lakutilakuti, ndiponso palibe muyeso wogwirizana wakuti mayunitsi akatsika kufika apa, pempho lipite. Ili ndiye gwero. Mutamuchotsa kalalikiyo n'kulemba wina wakhama, chipinda chikhala chokiyabe, ndandanda ikhala yomweyo, ndipo mayunitsi adzathanso.

Sindikunena kuti munthu salakwa. Alipo amene amasiya dala ntchito yomwe akuyidziwa bwino, ndipo ameneyo nkhani yake ipite komwe milandu ya pantchito imakambidwa. Koma ngakhale zitatero, lipoti liyenera kufunsabe kuti zidatheka bwanji kuti kulakwitsa kwa munthu mmodzi kuwononge katemera wa mudzi wonse popanda chotchinga chilichonse. Chinanso, anthu akadziwa kuti mafunso anu akusaka woti alangidwe, amatseka pakamwa, ndipo tchati chomwe chidali ndi mipata mudzachipeza chitadzazidwa ndi cholembera chimodzi, manambala ofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Tchati chimenecho chikutifikitsa pa chofowoka chachikulu cha njirayi. Mafunso asanu amayenda mumzere umodzi, pomwe mavuto ambiri ali ndi nthambi. Firiji za katemera zimapangidwa kuti zisunge kuzizira kwa maola ambiri magetsi atazima. Ndiye kuti Loweruka mpata wopulumutsa katemera udalipo, pomuyika m'bokosi lozizira n'kupita naye kuchipatala china. Choncho pali funso lina lofunika mzere wakewake: chifukwa chiyani palibe adazindikira mpaka Lolemba? Patchati palibe cholembedwa Loweruka ndi Lamlungu. Amene amawerenga ndi alangizi a zaumoyo, omwe amagwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu. Namwino wa kumapeto kwa sabata adaona kuti magetsi azima ndipo amagwira ntchito ndi tochi, koma firiji ili m'chipinda china ndipo sadapatsidwepo udindo woyiyang'ana. Pakhoma palibe pepala lonena zoyenera kuchita magetsi akazima, ngakhale nambala yoti munthu ayimbe. Lipoti labwino limakhala ndi mizere iwiriyi: chomwe chidadzetsa vuto, ndi chomwe chidalola kuti likule osaonedwa. Likangotsata mayunitsi okha, katemera adzawonongekanso tsiku lomwe magetsi adzazime dera lonse kapena firiji idzafe yokha.

Mzere wachiwiriwu wafika pagwero ndi mafunso atatu kapena anayi, ndipo palibe cholakwika. Nambala ya zisanu si lamulo. Ena amakakamira kudzaza mizere isanu mpaka kubwereza yankho limodzi m'mawu ena, monga kunena kuti pempho lidachedwa chifukwa silidapite msanga. Ena amapitirira malire n'kukathera pa umphawi wa dziko kapena kuchepa kwa ndalama za boma. Zimenezo zikhoza kukhala zoona, koma mkulu wa pachipatala sangachite nazo kanthu mawa m'mawa. Poyenera kuyima ndi pa chinthu chozama kwambiri chomwe owerenga lipotilo ali ndi mphamvu yochisintha. Zomwe zili pamwamba pa mphamvu zawo, monga masabata awiri odikira ndalama, zilembedwe padera kuti zipite kwa amene angazisinthe.

Polemba gawoli, chiganizo choyamba chitchule vuto limodzi lokha, ndi nambala zake: firiji idapezeka pa madigiri 22 Lolemba m'mawa ndipo timabotolo takutitakuti tidatayidwa. Kenako yankho lililonse likhale ndi umboni wake pambali: mita, risiti, deti la pakalata, tchati, mawu a mlonda. Pomwe umboni palibe, nenani poyera kuti apa tikungoganizira, chifukwa yankho limodzi longopeka pa funso lachiwiri limasocheretsa mafunso onse otsatira. Anthu atchulidwe ndi maudindo awo, osati mayina. Ndipo musalembe muli paofesi nokha. Ku Toyota amalimbikira kuti munthu apite pomwe vuto lachitikira akaone yekha, ndipo n'zoona kuti za kiyi wa chipinda chija simungazimve kwa wina koma kwa amene amayima pakhomo pake kudikira kuti atsegulidwe.

Mukamaliza, yesani mzere wanu powerenga kuchokera pansi kupita pamwamba, mukulumikiza ndi mawu akuti "choncho". Palibe adapatsidwa udindo wowerenga mita, choncho kuchepa kwa mayunitsi kudaoneka mochedwa, choncho pempho lidapita mochedwa, choncho mayunitsi adatha, choncho firiji idazima. Pomwe lilime likukana kutchula "choncho", pali sitepe yomwe mwadumpha. Yeso lina ndi kufunsa kuti chikhala kuti gwero mwatchulalo lidakonzedwa kale, kodi vutoli likadachitikabe? Ngati yankho ndi inde, mwagwira chinthu chomwe chidangopezeka pafupi, osati chomwe chidabala vutolo.

Zoyenera kuchita zomwe zimatsatira gawoli zituluke m'magwero omwe mwapezawo, chilichonse ndi mwini wake komanso tsiku lake. Pachipatala chathu chija, kalaliki aziwerenga mita Lolemba lililonse n'kulemba m'kabuku, ndipo pempho lizipita mayunitsi a masabata atatu akadalipo. Namwino wa kumapeto kwa sabata azilemba tchati m'mawa ndi madzulo, ndipo kiyi wa chipinda cha firiji azikhala naye. Pachitseko cha firijiyo pamatidwe pepala lonena kuti kutentha kukapitirira madigiri 8, katemera alowe m'bokosi lozizira, apite kuchipatala chakutichakuti, ndipo woyimbiridwa foni ndi uyu. Pakatha miyezi itatu, mkulu wa pachipatalapo atsegule kabuku ka mita ndi tchati, aone ngati mabokosi a Loweruka ndi Lamlungu akudzazidwa.