CIKWAMA CA KUCIPATALA CIKHALE COMANGA PA MWEZI WA 8

Tsiku limene anamwino amalemba pa khadi la ku sikelo ndi longoyerekeza cabe. Mimba ingathe kuwawa sabata ziwiri kapena zitatu tsikulo lisanafike, ndipo kawiri-kawiri imayamba usiku masitolo ndi misika zitatsekedwa. Cifukwa cace mai woyembekezera ayenera kumanga cikwama cace mimba ikakwana sabata 36, napatula katundu m'mitolo itatu kuti wina aliyense apeze cofunika mosabvuta.

ZA MAI

Pamwamba penipeni pakhale khadi la ku sikelo, popeza ndilo liuza anamwino za kuthamanga kwa magazi ndi mabvuto ena a mimbayo. Mai amene akumwa mankhwala masiku onse, monga a HIV, awaike pamodzi ndi khadilo kuti asadumphe tsiku. Pafunikanso vitenje vinai voyera, madilesi awiri otsegula kutsogolo oyamwitsira, makabudula amkati, sopo, thaulo ndi mapaketi awiri a mapadi akulu. Padi ikanyowa yonse ndi magazi ola lisanathe, anamwino auzidwe msanga. Makiliniki ena amafunanso magolovesi, pulasitiki yoyala pa bedi, ndowa ndi Jiki, motero nkwabwino kufunsa ku sikelo mimba ikali pa miyezi 7.

ZA MWANA

Mdani woyamba wa khanda ndi mphepo. Mwana amabadwa wonyowa ndipo amazizidwa msanga, makamaka kumutu. Pakhale nsaru ziwiri zofewa, ina yomupukutira, ina yomufunditsa ali pa cifuwa ca amace. Pakhalenso cisote, masokosi, tumalaya tuwiri, matewera 6 ndi shawelo. Zonsezi zicapidwe ndi kusitidwa ngakhale ziri zatsopano kapena za salaula. Botolo ndi paudala zitsale kunyumba. Mwana ayambe kuyamwa bere m'ola loyamba, ndipo pa mcombo pasaikidwe phulusa, mafuta kapena ciri conse cimene anamwino sanauze.

ZA WOPEREKEZA

Woperekeza, kaya ndi bambo, apongozi kapena mlongo, asunge reji ya mai, foni yodzaza moto, toci, juzi, cakudya copepuka ndi fulasiki ya tiyi. Nchito yace yaikulu ndi ya ulendo. Ngati madzi asweka 02.00 koloko usiku, minibasi kulibe, ndipo wa takisi amachula mtengo wokwera. Ndalama ya ulendo wopita ndi wobwerera isungidwe payokha, ndipo apangane kale ndi woyendetsa galimoto wa m'komboni momwemo amene angadzutsidwe usiku. Asanyamule mankhwala acikuda ofulumizitsa mimba, cifukwa angathe kung'amba cibaliro.

Mai akaona magazi, madzi atasweka, mutu ukuwawa kwambiri kapena mwana ataleka kugunda m'mimba, apite kucipatala nthawi yomweyo. Cosowa m'cikwama cingathe kutsatira m'mawa.