Fifitini kapena fifite? Kalata ya abwana pa mauthenga oduka

Pa sitolo ina ya zipangizo zomangira mumzinda wa Lilongwe, kumbuyo kwa kauntala pali pepala lomatidwa ndi selotepu, ndipo layamba kuda chifukwa cha fumbi la simenti. Ndi kalata imene manijala wa sitoloyo analembera antchito ake onse, kuyambira ogulitsa mpaka madalaivala. Yonse ikukamba chinthu chimodzi: zoyenera kuchita kasitomala akatumiza uthenga wosamveka bwino, kapena foni ikaduka nkhani ili mkati.

Chimene chinabala kalatayo ndi malata. Folomani wina amene ankamanga nyumba ku Mitundu anaimba masana ali pamalo pomwe netiweki imavuta. Anati akufuna malata a IBR, geji 28, otalika mafiti 12. Pofika pa chiwerengero mawu anayamba kudukaduka, ndipo mnyamata wa pa kauntala anangomva "fifi…" kenako foni n'kuduka. Iye anaganiza mofulumira, ndipo sikuti anaganiza mopusa: nyumba yonse singafoleredwe ndi malata 15, ndiye kuti abambowo anena 50. Popeza anali kasitomala wodziwika amene amalipira katundu akafika, mnyamatayo analemba oda, malata anadulidwa pa makina, lole inanyamuka. Kufika ku Mitundu, folomani anadabwa. Nyumba inali yofolera kale, iye ankafuna malata 15 a khonde. Malata 35 anabwerera ku tauni, ndipo lata lodulidwa kale silibwerera mu mpukutu. Anakhala mu sitolo kudikira munthu wina wofuna geji yomweyo ndi mafiti omwewo.

Kalatayo sikutchula dzina la mnyamatayo, ndipo pamenepa manijalayo anachita bwino. Ikuyamba ndi mfundo yoti uthenga umene sunamveke n'komwe suvuta, chifukwa aliyense amadziwa kuti afunsenso. Wovuta ndi umene wamveka pafupifupi wonse n'kutsala kachidutswa, chifukwa mutu wa munthu umadzaza wokha pamene pasowa, ndipo mwiniwakeyo sazindikira kuti wadzaza. Mukamufunsa madzulo adzalumbira kuti anamva "fifite".

Ife Amalawi tili ndi msampha wathu pankhani ya manambala. Pamsika ndi m'sitolo palibe amene amati "makumi asanu" kapena "khumi ndi zisanu". Timawerenga m'Chingerezi chathu chija. Ndiye fifitini ndi fifite, satini ndi sate, fotini ndi fote, sikisitini ndi sikisite, zimasiyana kumapeto kokha, komwenso ndi kumene mawu amafooka pa foni. N'chifukwa chake kalatayo ikulamula kuti nambala iliyonse yotere ibwerezedwe motchula manambala ake amodziamodzi: "Mwati fifitini, wani faifi?" Zikumveka ngati za ana a sukulu, koma wani faifi ndi faifi ziro sizingasokonekere ngakhale mphepo ikuwomba.

Msampha wina uli m'Chichewa chenichenicho. Pakati pa "mutumize" ndi "musatumize" pali ka "sa" kokha. Netiweki ikameza kameneko, kuletsa kumasanduka kulamula. Chimodzimodzinso "mawa" ndi "m'mawa". Ndipo "mawa" ali ndi vuto linanso: munthu atha kujambula voisi pa WhatsApp Lolemba usiku bandulo itamuthera, uthengawo n'kukhala m'foni mwake ndi kachizindikiro ka wotchi mpaka atagula ina Lachiwiri masana. Wolandira akamva "mubweretse mawa" akuganiza za Lachitatu, pamene mwiniwake wakhala akudikira lole kuyambira m'mawa wa Lachiwiri. Choncho kalatayo ikuti poyankha, wantchito asamalembe "mawa" kapena "mkuja". Alembe tsiku ndi deti.

Mtima wa kalatayo uli pa kugawa ntchito pawiri. Pali zimene wantchito angachite ndi uthenga watheka, ndipo pali zimene sangachite. Angathe kuona ngati katunduyo alipo, kumuika padera, kuwerengera mtengo pa pepala, kuchenjeza dalaivala kuti mwina kukhala ulendo wa ku Mitundu. Zonsezi zikhoza kubwezedwa popanda kutaya kanthu. Sangadule malata kapena matabwa, sangasakanize penti, sangakweze katundu pa lole, sangalembe lisiti, sangabweze ndalama. Funso lodzifunsa ndi limodzi: zitapezeka kuti ndinamva molakwa, kodi chimene ndachitachi ndingachibweze? Ndaonapo malamulo a m'maofesi amene amangoti "musachite chilichonse mpaka mutatsimikiza", ndipo zotsatira zake n'zoti wantchito amangokhala manja lende, kasitomala akaimbanso n'kupeza kuti simenti imene inalipo yatengedwa ndi wina. Kugawa kotereku kumalola ntchito kuyenda popanda kutchova juga.

Oda imatengedwa kuti ndi yathunthu ikakhala ndi zinthu zisanu: katundu wake, saizi, chiwerengero, kumene akupita ndi tsiku. Pa zomangira, saizi ndi pamene anthu amagwera kawirikawiri. "Misomali makilo 5" sikokwanira, chifukwa pali ya mainchesi 3, ya 4, ya 5 ndi ya malata. "Malata 20" popanda geji ndi theka la uthenga, popeza geji 28 ndi yochindikala kuposa geji 32 (nambala ikamakwera lata limapyapyala, zomwe ogula ambiri amaziganiza mosemphana) ndipo mitengo yake ndi yosiyana. Wantchito akuuzidwa kuti asafunse funso lotambalala ngati "Mumati chiyani?", lomwe limachititsa kasitomala kuyambiranso nkhani yonse, mwinanso n'kudukira pomwe paja. Anene zimene wamva, n'kufunsa chosowacho chokha. Pa nkhani ya ku Mitundu ija, meseji yake ikanakhala yotere: "Bambo, foni inaduka. Ndamva malata a IBR, geji 28, mafiti 12, opita ku Mitundu. Chiwerengero sindinamve: 15 kapena 50? Tidula mukangoyankha." Abambowo akanangolemba manambala awiri basi.

Nanga foni ikaduka aimbe ndani? Kalatayo ikuti sitolo ndiyo iimbe, ndi mayunitsi a sitolo. Nthawi zambiri foni imaduka chifukwa mayunitsi a kasitomala atha kapena batire lathima, ndiye kumudikira n'kutaya nthawi. Koma wantchito adikire kaye mphindi ziwiri, chifukwa onse awiri akamaimbirana nthawi imodzi aliyense amamva kuti mnzake ali pa foni ina. Akayesa kawiri osapezeka, atumize meseji wamba ya SMS m'malo mwa WhatsApp, poti SMS safuna bandulo ndipo imalowa ngakhale m'kafoni ka mabatani. Wofulasha ndi wotumiza uthenga wopempha kuti aimbiridwe nawonso aimbiridwe. Ameneyo si wosewera, mayunitsi ndi amene alibe.

Pali kanthu kena ka SMS kamene ambiri sakadziwa. Meseji imodzi imanyamula zilembo 160, kuwerengera ndi mipata yomwe. Ikapitirira imadulidwa m'zigawo, ndipo pa netiweki yofooka chigawo china chikhoza kuchedwa. Mukaikamo kachithunzi ka nkhope yoseka, kapena chilembo chathu cha ŵ, malirewo amatsika kufika pa 70. Ndiye mndandanda wa katundu umene wathera pa "simenti matumba 20, mawaya a Y12" popanda chiwerengero cha mawayawo mwina uli ndi mchira umene ukadali m'njira. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: uthenga wothera pakati pa chiganizo, kapena woyamba ndi "komanso" popanda chimene chinatsogola. Pa WhatsApp napo, mawu akuti `This message was deleted` akutanthauza kuti kasitomala wabweza zimene ananena, ndiye wantchito amene anawerenga uthengawo usanafufutidwe asagwiritse ntchito zimene akukumbukira. Ndipo nkhwani ziwiri zija zikasanduka zabuluu zimangosonyeza kuti uthenga watsegulidwa. Sizikutanthauza kuti munthu wavomera kotesheni.

Mayankho athu enanso ndi oterera. "Zikomo", "ndamva", "chabwino" kapena chala chachikulu choloza m'mwamba zikhoza kutanthauza kuti tumizani, zikhozanso kutanthauza kuti ndaona mtengowo, ndikaganize kaye. Ukafunsa "15 kapena 50?" munthu n'kuyankha "eya", sunayankhidwe. Kalatayo ikufuna kuti chivomerezo chikhale ndi nambala mkati mwake.

Gawo limene lili ndi mawu olimba kwambiri ndi la ndalama. Uthenga wosamveka umene ukusintha nambala yobwezerapo ndalama, kusintha kokatula katundu, kapena kunena kuti "ndatumiza kale pa Airtel Money" kapena pa Mpamba, usakhulupiriridwe mpaka wantchito ataimbira nambala ya kasitomala imene ili kale m'buku la sitolo, osati imene yabwera ndi uthengawo, ndiponso ataona m'foni ya sitolo kuti ndalama zalowadi. Akuba a pa foni amakonda chisokonezo chomwechi: amalankhula mofulumira, amadula foni dala, amati ali pa maliro kapena pa ulendo moti sangathe kubwereza. Kasitomala weniweni amakwiya pang'ono mukamufunsanso, koma amayankha.

Kukwiyako ndi kumene kumachititsa kuti malamulo ngati awa afere pa khoma. Mtsikana wa zaka 22 pa kauntala sangamasuke kuuza bambo wa msinkhu wa atate ake kuti abwereze kachitatu. Tinaleredwa kuti wamkulu akalankhula umati "chabwino", ndipo kufunsafunsa kumaoneka ngati kusamva kapena mwano. Manijalayo akudziwa zimenezi, n'chifukwa chake anawapatsa antchito ake pobisalira: aziuza makasitomala kuti ndi lamulo la abwana kubwereza oda iliyonse, ndipo cholakwa azichiika pa netiweki kapena pa iwo eni, "pepani bambo, kuno sizinamveke", osati "simukumveka". Analonjezanso kuti wantchito amene wachedwetsa katundu chifukwa chofuna kutsimikiza sadzadzudzulidwa. Lonjezo limenelo ndi lolemera kuposa ndime zina zonse, ndipo lidzayesedwa tsiku limene kontirakitala wamkulu adzaimbire abwanawo mwachindunji kudandaula kuti ana awo akumufunsa mafunso ngati wakupolisi. Abwana akadzakalipira mtsikana uja pamaso pa anzake, mawa lake aliyense adzayambiranso kungoganizira.

Pali pomwe kalatayo ikuperewera. Sikunena chochita ngati kasitomala sakupezeka tsiku lonse pamene lole ya ku dera lakwawo ikunyamuka 2 koloko ndipo ina idzapita sabata yamawa. Ikungoti "funsani manijala", ngati kuti manijala sapita kubanki. Sikukambanso za kasitomala amene satha kuwerenga, amene SMS yokonzedwa bwino ija singamuthandize, ndipo amafunika kumuimbira mpaka atapezeka.

Koma ndime yake yomaliza ndi yothandiza. Pa kauntala pali kope limene uthenga uliwonse woduka umalembedwamo: nthawi, dzina, zimene zamveka, ndi mzere wopanda kanthu pamene sipanamveke. Mzerewo sudzazidwa ndi pensulo kapena "mwina 50". Wolowa shifiti ya masana akatsegula kopelo amayamba ndi mizere imeneyo, ndipo kasitomala akaimbanso n'kupeza munthu wina, samva zoti "amene munalankhula naye watuluka". Tsiku limene ndinalipo, pa tsamba la Lachinayi panalembedwa kuti: simenti, matumba ____, Area 25, ndaimba kawiri, SMS yapita 11:40.